Kulandira Alendo m'Chiarabu pa Mwambo wa Omaliza Maphunziro

Pa mwambo wopereka masatifiketi kwa ophunzira omaliza maphunziro, kaya ndi ku Kairo, ku Khartoum, ku Madina ngakhale m'madarasa akuluakulu a ku Mangochi ndi ku Machinga, pamakhala munthu mmodzi amene amayankhula akuluakulu onse asanayambe. Akatha kuwerenga Kurani ndi kuyimba nyimbo ya fuko, wotsogolera mwambo amamuitana kuti adzalandire alendo. Mawu akewo Aarabu amawatcha *kalimatut tarhiib*, ndiye kuti mawu olandira alendo, ndipo mwambo wonsewo ndi *haflut takharruj*. Kawirikawiri ntchitoyi imagwera wophunzira amene wakhoza bwino kapena mphunzitsi wachinyamata, ndipo ambiri sagona tulo usiku wa tsikulo poganiza kuti akufunika kupeka mawu okometsera amene sanamvekepo.

Nkhawa imeneyi ndi yolunjika pamalo olakwika. Gawo lalikulu la mawu olandira alendo lidakonzedwa kale ndi mibadwo ya oyankhula, ndipo omvera amayembekezera kumva mawu omwewo, mwa ndondomeko yomweyo. Wolandira alendo sayesedwa ndi luso lopeka. Amayesedwa ndi zinthu zitatu zing'onozing'ono: ngati watchula alendo m'dongosolo la maudindo awo, ngati wamaliza bwino mawu aliwonse, komanso ngati wadziwa pokhalira pansi.

Chiarabu cha pa mwambo wotere chimatchedwa *fus-haa*. Ndi cha m'mabuku, m'manyuzipepala ndi pa nkhani za pa wayilesi, osati choyankhula pamsika. Munthu wa ku Moroko ndi wa ku Iraki akhoza kuvutika kumvana aliyense akamayankhula chakwawo, koma pa *fus-haa* amakumana. Nchifukwa chake mawu amene tione pano akhoza kunenedwa m'dziko lililonse la Aarabu osasintha kanthu. M'nkhani ino ndalemba Chiarabu m'zilembo zathu monga chimamvekera. Lembo la liwu likalembedwa kawiri, monga *aa* kapena *ii*, likokedwe, ndipo kachizindikiro ka ' kakuimira liwu la kukhosi.

Tiyerekeze sukulu ina imene ikutsazikana ndi gulu lake lachikhumi la ophunzira. Omalizawo ndi 45, anyamata ndi atsikana, ndipo akhala pasukulupo zaka 6. Mlendo wolemekezeka ndi kazembe wa dziko lina la Aarabu. Abweranso shehe wamkulu wa m'dera, mphunzitsi wamkulu, aphunzitsi ndi makolo. Amene asankhidwa kulandira alendo ndi mtsikana mmodzi wa m'gulu lomalizalo.

Mawu oyamba, amene sadumphidwa

Mtsikanayo ayamba ndi Bismillah yonse, monga Msilamu aliyense amaidziwira, kenako nkunena kuti: *Alhamdu lillaah, wassalaatu wassalaamu 'alaa rasuulillaah, wa 'alaa aalihi wa sahbihi ajma'iin.* Tanthauzo lake nlakuti kutamandidwa ndi kwa Mulungu, madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wa Mulungu, pa akubanja kwake ndi pa anzake onse.

Mwambo woyamba ndi kutamanda Mulungu ndi wakalekale, ndipo kuudumpha kudali nkhani yaikulu moti mbiri idasunga dzina la munthu amene adatero. M'chaka cha 665, Ziyad ibn Abihi atapatsidwa udindo wolamulira mzinda wa Basra, adaima pamaso pa anthu nkuyamba kuwadzudzula osatamanda kaye Mulungu. Mawu akewo mpaka lero amadziwika ndi dzina lakuti *al-batraa'*, ndiye kuti oduka mchira. Mlembi wina wotchuka wa ku Basra komweko, al-Jahiz, adafotokoza m'buku lake la *al-Bayaan wat Tabyiin* kuti akale ankatcha choncho malankhulidwe alionse osayamba ndi chitamando. Mwana wa sukulu wa lero sayenera kudziwa mbiri yonseyi, koma mashehe amene akhala pamzere woyamba akuidziwa, ndipo khutu lawo limadikira chiyambi chimenechi.

Pali vuto limene ndimaliona kawirikawiri pagawoli, lomwe ndi kutalikitsa. Wophunzira amatenga chiyambi chonse cha khutuba ya Lachisanu nkuchibweretsa pamwambo, moti mphindi ziwiri zimatha alendo asanapatsidwe nkomwe moni. Mwambo wa masatifiketi si Juma. Chiganizo chimodzi cha chitamando ndi chimodzi chopempherera Mtumiki ndi zokwana.

Sikuti kulikonse kumene amayankhula Chiarabu amayamba choncho. Ku Lebanoni, ku Yordano ndi ku Iguputo kuli Akhristu ambiri amene Chiarabu ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo m'sukulu zawo, komanso pa miyambo ina ya boma, woyankhula akhoza kungoyamba ndi *As'adallaahu sabaahakum bikulli khair*, kutanthauza kuti Mulungu akometse mmawa wanu ndi zabwino zonse. Ukakhala madzulo, amati *masaa'akum* m'malo mwa *sabaahakum*. Mawu amenewa ndi othandiza ngakhale kwa ife pamene m'gulu la alendo muli a mipingo yosiyanasiyana, ndipo akhoza kuwonjezeredwa pambuyo pa salamu.

Kutchula alendo

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Mmalawi aliyense amene adakhalapo pa msonkhano wa chitukuko akudziwa mmene woyankhula amayambira kwa a Gogo Chalo, kutsikira kwa magulupu ndi anyakwawa, mpaka kwa amayi ndi abambo, ndipo akudziwanso mmene nkhope zimasinthira wina akadumphidwa. Aarabu nawo ndi chimodzimodzi, koma iwo adapita patsogolo popatsa udindo uliwonse liwu lakelake laulemu, limene silibwerekedwa kwa wina.

Mfumu yolamula dziko ndi *Jalaalah*, mwana wa banja lachifumu ndi *Sumuww*, pulezidenti ndi *Fakhaamah*. Nduna ya boma ndi *Ma'aalii*. Kazembe, komanso akuluakulu a nthambi za boma m'mayiko ambiri, ndi *Sa'aadah*. Shehe ndi *Fadiilah*, pamene mufti wamkulu m'mayiko ngati Saudi Arabia ndi Lebanoni ndi *Samaahah*. Mkulu wa al-Azhar ku Kairo ali ndi ulemu wakewake, *Fadiilatul Imaamil Akbar*. Atsogoleri a Chikhristu nawo ali ndi awo: papa ndi *Qadaasah*, ndipo bishopu wa mpingo wa Chikoputi ku Iguputo ndi *Niyaafah*. Kwa munthu wolemekezeka amene alibe liwu lapadera pali *Hadrah*, ndipo ku Iguputo mumamva kwambiri *Siyaadah*.

Kutcha nduna kuti *Sa'aadah* nkuitsitsa pampando pamaso pa anthu. Kutcha mphunzitsi wamkulu kuti *Ma'aalii* nkumuveka chovala chosamukwana, ndipo iye mwini amachita manyazi. Choncho wolandira alendo azipeza mndandanda wa obwera kwa okonza mwambo tsiku lisanafike, ndipo aziuonanso mmawa wa tsikulo, chifukwa zimachitika kuti kazembe watuma womuimirira. Zikatero, pamayenera kunenedwa *mumaththila sa'aadatis safiir*, woimirira wolemekezeka kazembe, osati kumutchula munthuyo ngati kazembe weniweniyo.

Mtsikana wathu ndiye anena motere: *Sa'aadatas safiir, fadiilatash shaikh, hadrata mudiiril madrasah, asaatidhatil afaadil, aabaa'anaa wa ummahaatinal kiraam, zumalaa'il khirriijiina wa zamiilaatil khirriijaat, ayyuhal haflul kariim: assalaamu 'alaikum wa rahmatullaahi wa barakaatuh.* Wayambira kwa kazembe, kupita kwa shehe, kwa mkulu wa sukulu, kwa aphunzitsi ake olemekezeka, kwa abambo ndi amayi, kwa anzake aamuna ndi aakazi omaliza maphunziro, nkumalizira ndi gulu lonse losonkhana. Akapereka salamu adikire kaye anthu ayankhe. Ambiri amathamangira chiganizo chotsatira khamu likuyankhabe, ndipo mawu awo amamira m'phokosolo.

Tsopano tiyang'anitsitse mathero a mawuwa, chifukwa ndi pamene odziwa amatcherera khutu. M'Chichewa, ntchito ya liwu m'chiganizo timaizindikira makamaka ndi malo ake komanso zimene zili kumayambiriro kwa mawu. M'Chiarabu ntchitoyo imaonekera kumapeto. Dzina limodzimodzilo limathera ndi *u* likakhala mwininkhani, ndi *a* likakhala pamtherankhani, ndi *i* likabwera pambuyo pa mawu ngati *fii* kapena likakhala mwini wa chinthu. Lamulo loitanira munthu nlakuti ngati mawu oitanirawo ndi awiri olumikizana, monga “ulemu wa kazembe”, loyambalo lithere ndi *a*. Nchifukwa chake mtsikanayo wanena *sa'aadata* ndi *fadiilata*, osati *sa'aadatu* kapena *fadiilatu*. Kukadakhala nduna akadati *ma'aaliyal waziir*. Mashehe akadakhala angapo akadawaphatikiza pamodzi ndi *as-haabal fadiilah*.

Koma liwu likabwera pambuyo pa *ayyuhaa*, zinthu zimatembenuka ndipo limathera ndi *u*, monga tamvera pa *ayyuhal haflul kariim*. Apa ndi pamene ambiri amagwera, makamaka pa liwu la omaliza maphunziro. Ukati “anzanga omaliza maphunziro” umanena *zumalaa'il khirriijiin*, koma ukayamba ndi *ayyuhaa* umayenera kunena *ayyuhal khirriijuun*. Kwa atsikana *ayyuhaa* amasanduka *ayyatuhaa*, nkukhala *ayyatuhal khirriijaat*. Ndipo *yaa*, amene ophunzira amayamba kumudziwa m'kalasi yoyamba, saima kutsogolo kwa liwu lokhala ndi *al*. Kunena kuti *yaa al-khirriijuun* ndi kulakwitsa kumene mwana wa ku Sudani wa sitandade yapakati angakugwire nako. Dzina la Mulungu ndi limene lili padera pa lamuloli, poti timati *yaa Allaah*.

Pali msampha wina wobisika m'mawu onena za makolo. Tati *aabaa'anaa* ndi *a*, koma *ummahaatinaa* ndi *i*, chonsecho mawu awiriwa ali pa ntchito imodzi. Chifukwa chake nchakuti mayina aakazi ochuluka othera ndi *aat* salandira *a*, amatenga *i* m'malo mwake. Wophunzira wofuna kuti mawu afanane amanena *ummahaatanaa*, nkulakwitsa ali mkati moyesetsa kukhoza.

Nanga alendo akachuluka moti kuwatchula onse kungadye nthawi? Aarabu ali ndi mawu otsekera mndandanda: *ma'a hifdhil alqaab*, kutanthauza kuti maulemu a aliyense asungidwa, kapena *kullun bismihi wa sifatih*, aliyense ndi dzina lake komanso udindo wake. Mawuwa anenedwe pambuyo potchula atatu kapena anayi apamwamba. Sangalowe m'malo mwa kutchula mlendo wolemekezeka. Ndipo kwathu kuno, mfumu ya m'dera ikakhalapo, ine ndingalangize kuti woyankhula atuluke kaye m'Chiarabu nkuipatsa ulemu wake m'Chichewa kapena m'Chiyao pamalo ake oyenera. Ulemu umene mwiniwake sakuumva sunafike.

Mawu awiri olowera m'nkhani

Moni ukatha, pamabwera *ammaa ba'du*. M'Chichewa tingati “pambuyo pa zimenezi”. Ntchito yake nkuuza omvera kuti mawu otsegulira atha, tsopano nkhani yayamba. Mtumiki Muhammad ankagwiritsa ntchito mawuwa m'makhutuba ndi m'makalata ake, ndipo olemba mbiri akale adasiyana maganizo pa amene adawayambitsa: ena adati ndi mneneri Daudi, ena adati ndi mlaliki wa Chiarabu wa nthawi Chisilamu chisanafike, Quss ibn Saa'idah. Oyankhula ena amawaika chitamando chikangotha, asanatchule alendo, ena pambuyo pa salamu. Zonse zimamveka, bola anenedwe kamodzi kokha. Ofuna kufupikitsa amangoti *wa ba'du*.

Chimene chimaiwalika ndi kalembo kamodzi. Chiganizo chotsatira *ammaa ba'du* chimayenera kuyamba ndi *fa*, chifukwa *ammaa* amakhala ngati watsegula chiganizo chimene *fa* yekha angachitseke. Mtsikanayo apitiriza choncho: *Ammaa ba'du, fa yusharrifunii, asaalatan 'an nafsii wa niyaabatan 'an zumalaa'ii, an urahhiba bikum fii hafli takhriijid duf'atil 'aashirah. Halaltum ahlan wa nazaltum sahlaa.* Akunena kuti ndi chaulemu kwa iye, m'malo mwa iye mwini komanso moimirira anzake, kulandira alendowo pa mwambo wotulutsa gulu lachikhumi.

M'malo mwa *yusharrifunii* akhoza kunena *yus'idunii*, zikundisangalatsa, kapena *yatiibu lii*, zikundikomera. Ena amawanena onse atatu motsatizana, koma limodzi kapena awiri ndi okwana. Alionse amene asankhe, pambuyo pake pamabwera *an*, ndipo mneni wotsatira *an* amathera ndi *a*: *an urahhiba*, *an ashkura*. Mawu akuti *asaalatan 'an nafsii wa niyaabatan 'an* ndi amene amaonetsa kuti woyankhula watumidwa. Mphunzitsi wamkulu anganene kuti akuimirira *usratil madrasah*, banja la sukulu.

Chiganizo chomalizacho ndi chimene chidabala moni wodziwika uja wa *ahlan wa sahlan*. Aphunzitsi a Chiarabu amafotokoza kuti moniwo ndi chidule cha mawu akuti mwafikira pakati pa abale ndipo mwatsikira pamalo athyathyathya, osavuta kuyendapo. Kwa anthu amene ankayenda maulendo ataliatali m'chipululu, awa adali malonjezo awiri enieni, loti sakhala mlendo ndi loti njira yovuta yatha. Nalonso liwu lakuti *marhaban* likuchokera ku tsinde lonena za kutakasuka kwa malo, ndipo tsinde lomwelo ndi limene lili m'mawu akuti *tarhiib* ndi *urahhibu*. Pamwambo, kunena chiganizo chonsecho kumalemera kuposa chidule chake.

Liwu la *bikum* nalo lisamalidwe. Limanena za anthu ambiri, amuna kapena osakanikirana, ndipo limagwiranso ntchito polemekeza munthu mmodzi wamkulu, monga ife timanenera “inu” kwa bambo mmodzi. Koma mwambo ukakhala wa amayi ndi atsikana okhaokha, monga zimakhalira m'sukulu za atsikana za ku Saudi Arabia, limasintha nkukhala *bikunna*, ndipo *halaltum* amakhala *halaltunna*. Amene wakopera mawu a mnzake wa kusukulu ya anyamata osawasintha amadziwika pomwepa.

Pakati pa nkhani

Gawo limene woyankhula ali ndi ufulu wonena zake ndi laling'ono, ziganizo zitatu kapena zinayi. Langizo langa nlakuti m'malo modzazamo mawu onena za nyenyezi ndi maluwa, monga ambiri amachitira, aikemo zinthu zenizeni za gulu lomalizalo. Mtsikana wathu anganene kuti: *Nahtafilul yauma bi khamsatin wa arba'iina khirriijan wa khirriijah, qadau sitta sanawaatin fii talabil 'ilm. Wa inna huduurakum sharafun lanaa.* Lero tikukondwerera omaliza maphunziro 45, amene atha zaka 6 akufunafuna maphunziro, ndipo kubwera kwanu ndi ulemu kwa ife.

Manambala a Chiarabu amavutitsa ngakhale eniake. Kuyambira pa 3 mpaka 10, nambala imatenga maonekedwe otsutsana ndi chinthu chowerengedwacho, ndipo chinthucho chimakhala chochuluka. Chaka, *sanah*, ndi dzina lachikazi, choncho nambala yake imakhala yopanda chizindikiro chachikazi: *sitta sanawaat*, osati *sittata sanawaat*. Kuyambira pa 11 mpaka 99, chinthu chowerengedwacho chimabwerera kukhala chimodzi, nchifukwa chake tamva *khirriijan* ngakhale anthuwo ndi 45. Njira yopewera ngozi ndi imodzi: nambala iliyonse ilembedwe m'mawu papepalapo, ndi timizere take tonse ta maliwu, mphunzitsi ataiona. Amene walemba 45 m'manambala nkumati akaitchula akafika pamenepo, amakakamira anthu akumuyang'ana.

Kenako pamabwera kuthokoza, kumene kuli ndi khomo lakelake: *Wa laa yafuutunii an ashkura asaatidhatanaa wa aabaa'anaa wa ummahaatinaa 'alaa sabrihim. Jazaakumullaahu khairaa.* Sindingalole kuti mwayi undidutse osathokoza aphunzitsi ndi makolo athu chifukwa cha kupirira kwawo, Mulungu akulipireni zabwino. Poyamikira omaliza maphunziro, pamsewu aliyense amati *mabruuk*, koma aphunzitsi a malamulo a chiyankhulo amakonda *mubaarak*, ponena kuti ndi limene likuchokera ku mneni wa kudalitsa. Aphunzitsi omwewo amakondanso *takharraja fii* kusiyana ndi *takharraja min*, komanso *mudiiruun* kusiyana ndi *mudaraa'* ponena za akuluakulu a sukulu. Pali akatswiri amene amalola zonse, koma pamaso pa mashehe ndi bwino kusankha zimene palibe angazitsutse.

Kutseka nako kudakonzedwa kale: *Wa fil khitaam, nujaddidut tarhiiba bikum, wa nas'alullaahat taufiiqa lil jamii'. Shukran li husnis timaa'ikum, wassalaamu 'alaikum wa rahmatullaahi wa barakaatuh.* Pomaliza, tikukulandiraninso, tikupempha Mulungu kuti onse zinthu ziwayendere bwino, zikomo pomvetsera mwachidwi. Munthu akanena *wa fil khitaam* wapangana ndi omvera kuti atsala pang'ono kukhala pansi, ndipo asawonjezerenso ndime ina.

Mawu onsewa, akayankhulidwa modekha ndi kupumira moyenera, amatenga mphindi ziwiri kapena zitatu. Ndi mlingo wake umenewo. Uphungu kwa omaliza maphunziro, mbiri ya sukulu ndi zopempha kwa akufuna kwabwino ndi za mphunzitsi wamkulu ndi mlendo wolemekezeka. Wolandira alendo akazinena zonsezi amasiya akuluakulu opanda chonena.

Lilime lathu ndi kumene limaterereka

Munthu akhoza kulemba zonse molondola nkudzaziononga pakamwa, ndipo ife oyankhula Chichewa tili ndi malo athuathu ogwera. Loyamba likuchokera pa kapangidwe ka chiyankhulo chathu. Pafupifupi phatikizo lililonse la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, nchifukwa chake tidasandutsa mawu obwereka kukhala sukulu, buku ndi basi. Lilime likakumana ndi *kiraam* limafuna kunena *kiraamu* kapena *kiraami*. M'Chichewa kalembo kowonjezerako kalibe vuto, koma m'Chiarabu, monga taonera, ndi komwe kamanena ntchito ya liwulo. Woyankhula amakhala waika mathero amene sanawafune, ndipo womvera amaganiza kuti sadziwa malamulo.

Mankhwala ake ndi kuphunzira kuima. Lamulo la Chiarabu nlakuti ukaima pa liwu, lembo la liwu lalifupi la kumapeto limagwa. *Al-kariimu* amakhala *al-kariim*. Liwu lachikazi ngati *al-madrasati* limakhala *al-madrasah*, ndipo *sahlan* amakhala *sahlaa*. Pakati pa Aarabu pali kamwambi ka mawu awiri, *sakkin taslam*, kotanthauza kuti dula mathero upulumuke, ndipo owerenga nkhani ena amabisalira kumeneko pamene sakudziwa mathero oyenera. Kamathandiza pamapeto pa chiganizo, koma sikangabise kusiyana kwa *khirriijuun* ndi *khirriijiin*, komanso sikagwira pakati pa mawu olumikizana ngati *sa'aadatas safiir*. Woyankhula alembe kamzere pamalo alionse amene adzapumire, ndipo aziyeserera kutseka milomo pa *m* womaliza osatulutsanso liwu lina.

Lachiwiri ndi maliwu amene kwathu kulibe. Chiarabu chili ndi ma *h* awiri, wina wopepuka ngati wathu, wina wotuluka pakati pa khosi ngati mpweya wa munthu amene wadya tsabola wowawa. Liwu lenileni la mwambowu lili ndi wachiwiriyu. Likalembedwa أرحّب limatanthauza “ndikulandira”, koma likatchulidwa ndi *h* wopepuka limakhala أرهّب, kutanthauza “ndikuopseza”. Chimodzimodzinso *qalb*, mtima, amene *q* wake amatuluka kumbuyo kwenikweni kwa lilime: akatchulidwa ndi *k* wathu amasanduka *kalb*, galu. Wophunzira amene sanaugwire bwino *q* asiye mawu akuti *min qalbii*, kuchokera mumtima mwanga, asankhe ena. Palinso *'amal*, ntchito, ndi *amal*, chiyembekezo, amene amasiyana ndi liwu la kukhosi lokha. Kenako pali *l* ndi *r*, amene kwa ife ndi liwu limodzi losinthasintha malinga ndi malo, pamene kwa Aarabu ndi zilembo ziwiri zosiyana kotheratu. M'mawu amene talembawa *r* akupezeka pa *rasuul*, *kiraam*, *khirriij*, *shukran* ndi ena ambiri, ndiye ndi wofunika kumuyeserera payekha.

Kukoka ndi kutsindika nako kumasintha tanthauzo. *Darasa* ndi kuphunzira, *darrasa* ndi kuphunzitsa. *Khirriij* ndi womaliza maphunziro, pamene *khaarij* ndi wotuluka kapena kunja. Ndipo *al* akakumana ndi zilembo 14 zotchedwa za dzuwa, monga *s*, *sh*, *d*, *t* ndi *r*, *l* wakeyo samveka, lembo lotsatiralo ndi limene limatsindikidwa. Timati *as-safiir*, osati *al-safiir*. Amene adaphunzira tajiwidi ali kale ndi zida zonsezi, kungoti ambiri amazisiya mumzikiti osadziwa kuti zimagwiranso ntchito pa chinkuzamawu cha pamwambo. Chimene sayenera kubweretsa ndi kamvekedwe koyimba ka kuwerenga Kurani. Mawu olandira alendo amayankhulidwa, ndipo maso aziyang'ana munthu amene akutchulidwayo.

Patsala nkhani ya makolo. Pa miyambo yambiri ya m'madarasa athu, anthu ochuluka amene akhala pamipando ndi pamphasa samva Chiarabu kupitirira salamu ndi mawu a swala. Iwo ndi amene adagulitsa mpunga, nsomba ndi nandolo kuti ana afike tsikuli. Sibwino kuti alandiridwe m'chiyankhulo chimene sakuchimva nkuthera pomwepo. Kumasulira liwu ndi liwu sikungathandize, chifukwa *halaltum ahlan wa nazaltum sahlaa* ikatembenuzidwa momwemo imamveka yachilendo, pamene ife tili ndi zathu zakuti takulandirani ndi manja awiri, khalani omasuka, pano mpakwanu. Aphunzitsi amene mukukonzekeretsa mwana chaka chino, mulembereni mawu a Chiarabuwo ndi timizere take tonse, mumumvetsere akuwerenga mokweza kangapo tsiku lisanafike, ndipo mumusiyire mphindi imodzi yoti atembenukire kwa makolo nkuwalandira m'Chichewa kapena m'Chiyao.